Makiapu ndi maajini: peresenti yake ndi ya ndalama ziti?

Phunziro la sabata ino pa kosi yathu ya zamabizinesi linali lokhudza kuika mitengo, ndiye zimene ndatolapo ndi zoti mawu oti "ndimapanga 20 peresenti" satanthauza kanthu ngati munthu sananene kuti 20 peresentiyo ndi ya ndalama ziti. Makiapu ndi phindu poyerekeza ndi ndalama yomwe unapikulira katundu. Maajini ndi phindu lomwelo koma poyerekeza ndi ndalama yomwe kasitomala wakupatsa. Ndalama yake ndi imodzimodzi, chosintha ndi chomwe ukugawira.

Ndiyike manambala ongoyerekeza, paja mitengo ya masiku ano siikhalitsa. Wapikula katoni ya mafuta odzola ya mabotolo 12 ku holoselo pa K46,000, wakabaza watenga K2,000 kukufikitsira pa golosale, ndiye kuti katoniyo yakudyera K48,000 ndipo botolo limodzi ndi K4,000. Thiransipoti ija imalowa mu mtengo wopikulira, osaisiya pambali ayi. Ukawonjezera 20 peresenti botolo ugulitsa K4,800, phindu K800. Pa K4,000 ija K800 ndi 20 peresentidi, koma pa K4,800 yomwe yalowa mu dilowa ndi 16.7 peresenti basi.

Vuto lagona poti zolipira za pamwezi timaziyeza ndi ndalama zomwe tagulitsa, osati zomwe tinaodera. Tinene kuti shopu imagulitsa katundu wa K1,000,000 pamwezi, ndipo lendi, mayunitsi a magetsi a filiji, malipiro a mnyamata wogulitsa, majumbo, laisensi ya kukhonsolo ukaigawa pa miyezi 12 komanso katundu woonongeka zonse pamodzi zikukwana K200,000. Apa zolipira ndi 20 peresenti ya zogulitsa. Mwini wake amati ine ndimawonjezera 20 peresenti pa chilichonse ndiye zikukwanirana, koma ayi ndithu, pa miliyoni ija pafupifupi K833,000 ndi ndalama ya katundu yoyenera kubwerera ku holoselo, phindu ndi cha m'ma K167,000, ndiye mwezi uliwonse akuperewera K33,000 ndipo apa sanatengepo ngakhale ya ndiwo kunyumba. Ndalama yoperewerayo imachoka ku mpamba mwakachetechete. Mu dilowa ndalama imaoneka tsiku ndi tsiku chifukwa makasitomala akubwera, koma ukamapita kooda umapezeka wagula makatoni ochepa kusiyana ndi mwezi watha, mashelefu ayamba kuoneka thabwa, mabotolo ukuwandandalika mzere umodzi kutsogolo kuti pazioneka podzadza. Chizindikiro chake ndi chimenecho.

Ndiye masamu ake umayambira ku maajini yomwe ukufuna, kenako nkubwerera m'mbuyo:

```
mtengo wogulitsira = mtengo wopikulira ÷ (1 − maajini)
4000 ÷ 0.75 = 5333
```

Apa ndafuna maajini ya 25 peresenti kuti 20 ilipire zolipira, 5 itsale ya mwini wake. Botolo likuyenera kugulitsidwa K5,333, tingoti K5,350 kapena K5,400 poganizira nkhani ya chenji, ndipo ukaona bwino makiapu yake yadutsa 33 peresenti. Kuti ungofika pa 20 peresenti yosaluza komanso yosapindula uyenera kuwonjezera 25 peresenti, botolo K5,000.

Pomwe ndinakhala nthawi yaitali ndikuganiza mpoti papepala zikuoneka zophweka koma pa tiredingi senta sizitheka pa katundu yense. Shuga, buledi, mafuta ophikira, aliyense amadziwa mtengo wake, ukangokweza K200 yokha mwana wotumidwa uja akuwoloka msewu kupita pa okala ya aneba. Katundu wotereyu amayenda msanga koma phindu lake ndi lopyapyala. Ngati theka la zomwe umagulitsa ndi za mtundu umenewu ndipo zikukupatsa maajini ya 10 peresenti, theka linalo liyenera kupereka 30 peresenti kuti pakati mufike 20, kutanthauza kuti botolo lija likwere mpaka K5,714. Kaya makasitomala avomera mtengo umenewo ndi nkhani ina, akakana ndiye kuti chofunika kusintha ndi zolipira kapena kuchuluka kwa zogulitsa, kalikuleta payokha siingathandize. Ine ndikuona kuti kuika peresenti imodzi pa katundu yense ndi ulesi chabe.

China chomwe mphunzitsi wathu anatsindika nchakuti mitengo ikakwera ku holoselo, masamu uzipanga ndi mtengo womwe ukagulire katoni yotsatira, osati womwe unagulira yakale. Katoni ija ikafika K54,000 ndi thiransipoti yomwe, botolo ndi K4,500, ndiye amene akugulitsabe K4,800 watsala ndi K300 yokha pa botolo yoti alipirire lendi.