Mankhwala a chimfine ndi kuyezedwa kwa ochita masewera

M'maphunziro athu a zamasewera kuno ku Zomba tafika pa mutu wa kuyeza osewera ngati amwa mankhwala oletsedwa, ndipo chimene chandigwira mtima ndi mankhwala wamba a chimfine. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ikamatsika m'phiri, wothamanga amene mphuno zatsekeka amangogula mapilitsi osaganiza kawiri, pamene ena mwa mapilitsiwo ali ndi sudoefedirini, yemwe WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala owonjezera mphamvu m'masewera, imaletsa pa nthawi ya mpikisano.

Mankhwalawa amatsegula mphuno pochepetsa mitsempha ya magazi yomwe yatupa, komanso amafulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kuchedwetsa kutopa ngati munthu wamwa ambiri. WADA imaletsa chinthu chikakwaniritsa mfundo ziwiri mwa zitatu izi: kuwonjezera mphamvu za wosewera, kuika thanzi lake pachiswe, ndi kusemphana ndi chilungamo cha masewera.

Wosewera akasankhidwa kuti ayezedwe, samachokanso pamaso pa womuperekeza mpaka atapereka mkodzo wosachepera mamililita 90, ndipo amakodza wogwira ntchito yemwe ndi mwamuna kapena mkazi mnzake akuona. Mwini wake ndiye amathira mkodzowo m'mabotolo awiri, mamililita osachepera 60 m'botolo A ndi 30 m'botolo B, n'kutseka ndi zivindikiro zosatheka kutsegula popanda kuziswa. Ku labotale kumapita nambala yokha, dzina ayi. Botolo A likapezeka ndi vuto, wosewera ali ndi ufulu wopempha kuti B litsegulidwe iye kapena womuyimira alipo. Palinso fomu imene amalembapo mankhwala onse amene wamwa m'masiku 7 apitawo, ndipo ndikuona kuti mzere umenewu suyenera kulembedwa mothamanga.

Pa sudoefedirini, kupezeka kokha si mlandu. Malire ndi mamaikulogalamu 150 pa mililita iliyonse ya mkodzo, n'chifukwa chake WADA imalangiza kusiya kumwa patatsala maola osachepera 24 kuti mpikisano uyambe. Vuto limabwera munthu akaphatikiza mapilitsi ndi mankhwala amadzi a chifuwa, osadziwa kuti onse awiri ali ndi chinthu chimodzi.

Lamulo limati chilichonse chopezeka m'thupi ndi udindo wa mwini thupilo, ngakhale adachita kupatsidwa. Pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000, Andreea Răducan wa ku Romania, ali ndi zaka 16, adalandidwa mendulo yagolide chifukwa cha sudoefedirini wa m'mapilitsi a chimfine amene dokotala wa timu adamupatsa. Ine ndimaona kuti chilangocho chidamulemera mwanayo, komabe kulola mawu akuti "sindimadziwa" kungatsegule khomo kwa aliyense wachinyengo. Mankhwalawa adachotsedwa pa mndandanda wa zoletsedwa mu 2004, koma adabwezeredwa mu 2010 pamodzi ndi malire aja.