Garantiya ya miyezi 24 ndi chala changa pa kalendala

Malume anga ali ndi sitolo ya zipangizo za sola ku Ulongwe, kuno ku Mozambiki, ndipo ndikaweruka kusukulu ya zowerengera ndalama ndimawathandiza kusunga mafatura. Tsiku lina anandipatsa fatura ya batire lomwe linagulidwa pa 31 Januwale 2024, la garantiya ya miyezi 24, nati, "Iwe wa sukulu, tandiuza, imeneyi ikutha liti?"

Ndinatenga kalendala n'kumayenda ndi chala mwezi umodziumodzi. Febuluwale alibe 31, ndiye ndinaima pa 29. Kuchokera apo ndinapita pa 29 Malichi, 29 Epulo, mpaka ndinafika pa Febuluwale wa 2025 yemwe alibenso 29, n'kutsikira pa 28. Ndinawayankha kuti 28 Januwale 2026. Malume anapukusa mutu. "Zaka ziwiri zimenezi, masiku atatuwo apita kuti?"

Ankanena zoona, ndipo zinandiwawa, chifukwa wogula akanabwera pa 30 ndi batire lakufa ndikanamubweza popanda chifukwa. Cholakwa changa chinali kutsika pa mwezi waufupi n'kukhalira pomwepo. Miyezi yapakati ilibe nazo kanthu. Umayang'ana tsiku logulira, n'kulumphira pa mwezi womaliza basi. Buku lathu la malamulo la Kodigo Sivili, ndime 279, limanena kuti nthawi yowerengedwa m'miyezi imatha pakati pa usiku wa tsiku lofanana nambala ndi loyambira, ndipo ngati mwezi womalizawo ulibe tsikulo, imathera pa tsiku lake lomaliza. Miyezi 24 imakubwezera m'mwezi womwe unayambira, choncho batire lija linali pa garantiya mpaka 31 Januwale 2026. Kuwerenga masiku 730 nakonso kumanamiza: 2024 inali ndi masiku 366, ndiye ukanaima pa 30.

Febuluwale yekha ndiye wovuta. Wogula pa 29 Febuluwale 2024, yake imatha pa 28 Febuluwale 2026, poti chakacho chilibe 29. Chimene chinandidabwitsa ndi mbali inayo. Wogula pa 28 Febuluwale 2026 wagula tsiku lomaliza la mwezi, koma yake idzatha pa 28 Febuluwale 2028, osati pa 29, ngakhale tsikulo lidzakhalapo. Lamulo limatsata nambala ya tsiku, silitsata kuti kunali kumapeto kwa mwezi.

Pa kompyuta ya kusukulu, Excel ya Chipwitikizi, ndinalemba 28 Febuluwale 2026 m'bokosi la A1 n'kuyesa izi:

```
=DATAM(A1;24)
```

Inandipatsa 28. Fomula ina ya FIMMÊS inapereka 29, chifukwa iyo imathamangira kumapeto kwa mwezi nthawi zonse, ndiye pa garantiya ndinaisiya.

Ndime ija imagwira ntchito pamene pepala silinamveketse. Ngati khadi la garantiya lalemba tsiku lothera, timatsata lomwelo. N'chifukwa chake ndinapempha malume kuti tizilemba tsikulo pa fatura wogula asanatuluke, ndipo anavomera.