Masekondi 45 oyamba a pulogalamu ya m'mawa

Sabata yathayi akuluakulu a wailesi yathu, yomwe ndi ya m'dera ndipo imamveka m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, anandipatsa mtsikana wina wongomaliza kumene maphunziro a utolankhani kuti ndimuzoloweretse pulogalamu ya ulimi ndi usodzi imene imayamba 5:30 m'mawa. Mawu ali nawo abwino, Chichewa chakenso n'chomveka, koma ntchito yathu yonse inathera pa chinthu chimodzi chimene ophunzira ambiri amachiyesa chophweka, ndicho kutsegula pulogalamu ndi kupereka moni kwa omvera.

Lolemba sindinamulole kukhudza maikolofoni. Anakhala pambali panga atavala mahedifoni, ali ndi wotchi m'manja, ndipo ndinamupempha kuti ayeze nthawi ya chilichonse chimene ndikuchita kuyambira pamene nyimbo yotsegulira yayamba kufikira pamene mlendo wayankha funso loyamba. Nyimbo yathu yotsegulira ndi ya masekondi 45 ndipo ilibe mawu oimba. Masekondi 8 oyamba ndimaisiya kuti imveke yokha, chifukwa munthu amene ali panja akusesa kapena akukoleza moto amazindikira pulogalamu ndi nyimboyo asanamve liwu la muulutsi. Kenaka ndimatsegula maikolofoni, n'kutsitsa feda ya nyimbo, kachipangizo kokwezera ndi kutsitsira mawu, mpaka izingomveka chapansipansi, ndipo ndimayankhula kwa masekondi pafupifupi 30. Otsalawo ndimakwezanso nyimbo pang'ono kuti ithe bwino, kenaka n'kutembenukira kwa mlendo. Mawu a Chichewa ndi aatali, kotero ine ndikamawerenga mosathamanga ndimatchula mawu awiri okha pa sekondi. Choncho malonje onse sayenera kupitirira mawu 60, ndipo muyezo umenewu ndiwo umalamula zimene zilowe ndi zimene zitsale.

Madzulo a tsikulo ndinamuuza kuti alembe malonje akeake a Lachiwiri. Anabwera ndi tsamba lodzaza, loyamba ndi kuthokoza Mulungu potidzutsa, kenaka moni kwa omvera a kumpoto, kummwera, kummawa ndi kumadzulo, moni kwa odwala, kwa apaulendo, kwa ana a sukulu, ndipo mutu wa pulogalamu unali pamzere womaliza. Titawerenga ndi wotchi zinatenga mphindi imodzi ndi theka, kutanthauza kuti nyimbo ikanatha iye akadali pakati pa moni. Palibe mawu oipa amene analemba, ndipo ambirife tinakula tikumva moni wotere. Vuto ndi lakuti mlimi amene wanyamula khasu amafuna kudziwa msanga ngati atenge wailesi kumunda kapena aisiye, ndipo chimene chimamupangitsa kuitenga ndi mutu wa tsikulo.

Tinakhala pansi n'kudula mpaka panatsala izi: "Nthawi ili 5:30 m'mawa, lero Lachiwiri. Mwadzuka bwanji amayi ndi abambo, inu amene mwanyamula khasu, ndi inu amene mukukocheza bwato kuchokera ku usipa? Ino ndi pulogalamu ya ulimi ndi usodzi pa wailesi yanu ino, ndipo ine ndine uje. Lero tikambirana za mbozi zimene zayamba kuboola masamba a chimanga, ndipo mlangizi wa zaulimi ali nafe muno." Pamene pali "wailesi yanu ino" amatchula dzina la wailesi ndi nambala imene imamvekera, ndipo pa "uje" amaika dzina lake. Nthawi imabwera poyamba chifukwa m'mawa anthu ambiri amaidalira wailesi ngati wotchi. Dzina la wailesi silisowa chifukwa munthu wopotokola wailesi yake mumdima sadziwa pamene waima, ndipo m'dera lathu mawailesi angapo amamveka moyandikana. Dzina la muulutsi limatchulidwa kamodzi kokha. Ena mwa anzathu amadzitchula katatu, kuwonjezerapo maina odzitamandira, zimene mwina zimayenera pa pulogalamu ya nyimbo ya Loweruka masana, koma pa pulogalamu ya ulimi zimangodya nthawi ya mlangizi.

Mtsikanayu anadandaula kuti tachotsa anthu ambiri pamoni. "Achimwene, nanga odwala ndi ana a sukulu sakhumudwa?" Ndinamuyankha kuti moni wotchula magulu khumi sufika pamtima pa gulu lililonse, pamene moni wotchula anthu awiri amene alidi maso pa ola limenelo, wakhasu ndi wabwato, umamveka kuti woyankhulayo akudziwa kumene kwachera. Komanso moni wa anthu onse uli ndi mapulogalamu ake. Wailesi ya MBC inazoloweretsa Amalawi pulogalamu ya m'mawa ya Tadzuka Sitidziwa Anzathu, imene ntchito yake ndi moni weniweniwo, ndipo ifenso tili ndi nthawi yathu ya mafuno abwino masana. Zimene zili ndi pulogalamu yakeyake siziyenera kupanikizidwa m'masekondi 30.

Lachiwiri anatsegula yekha. Mawu anawerenga bwino, koma panaoneka zinthu ziwiri zimene pepala silingaphunzitse. Choyamba, anayamba kuyankhula dzanja lisanatsitse nyimbo, kotero "nthawi ili 5:30" inamira, ndipo omvera anangomva kuyambira pa "Lachiwiri". Dongosolo lake ndi lakuti upume mpweya maikolofoni isanatsegulidwe, utsegule, utsitse nyimbo, kenaka uyankhule, ndipo dzanja liyenera kutsogola pakamwa nthawi zonse. Chachiwiri, pofika pa "mwadzuka bwanji" anakweza mawu ndi kusendera kufupi ndi maikolofoni, moti timagetsi ta pa mikisa, makina osakanizira mawu, tinalumpha kuchoka pobiriwira kufika pofiira. Timagetsi tikafika pofiira ndiye kuti mawu akusweka, ndipo pa kawailesi kakang'ono ka mabatire kapena pa foni amamveka ngati nsalu ikung'ambika. Moni ndi malo amene muulutsi watsopano amakuwa kwambiri, chifukwa m'maganizo mwake akuona khamu la anthu pabwalo. Ndinamuuza kuti pakamwa pazitalikirana ndi maikolofoni ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, maikolofoniyo ikhale chapambali pang'ono kuti mpweya wa "ph" ndi "bw" usamawombe mwachindunji, ndipo azipereka moni ndi liwu limene angalonjerere nalo azakhali ake atakumana nawo pakhomo.

Lachitatu linadutsa popanda chovuta, kupatula kuti tinayeserera moni wa Chiyao, "Ajimwiche uli", popeza omvera athu ambiri ndi Ayao. Lamulo langa ndi lakuti moni wa chiyankhulo china uunene pokhapokha mwini chiyankhulocho atakumva n'kuvomereza, chifukwa ukaupotoza anthu amaseka, ndipo ena amaona ngati ukuwanyoza.

Tsiku limene linatiphunzitsa kwambiri ndi Lachinayi. Pulogalamu yathu isanayambe pamakhala mauthenga, ndipo m'mawa umenewo uthenga womaliza unali wa maliro a munthu wa m'mudzi wina wa kugombe, amene mwambo woika m'manda unali tsiku lomwelo. Papepala la mtsikanayu panali malonje ansangala, okhala ndi kanthabwala ka mvula imene inagwa usiku. Nditamva uthengawo m'mahedifoni ndinamulozera kuti achotse nthabwalayo, ayisiye nyimbo kwa masekondi ena owonjezera, ndipo ayambe motsitsa mawu. Iye anawonjezera yekha chiganizo chimodzi pambuyo pa moni, chakuti "kwa inu amene mwachezera pasiwa, tili nanu limodzi", kenaka n'kulowa mumutu wa tsikulo. Anachita bwino kwambiri posatchulanso dzina la malemu kapena kutalikitsa chipepeso, chifukwa uthengawo unali utaperekedwa kale ndi amene ntchito yake ndi imeneyo. Ichi ndi chifukwa chake ndimaumirira kuti muulutsi azikhala mu situdiyo mphindi 15 nthawi yake isanakwane, atavala mahedifoni, akumvera zimene zikupita pamphepo. Womvera sasiyanitsa mapulogalamu monga timachitira ife pandandanda wathu. Kwa iye wailesi ndi pakamwa pamodzi, ndipo pakamwa pamene palengeza maliro sipangayambe kuseka mphindi yomweyo.

Masana a tsiku lomwelo tinajambula pulogalamu imene imaulutsidwa Loweruka m'mawa ndi kubwerezedwa Lamulungu madzulo. Apa malonje amasintha ndithu. Sutchula ola, sunena "mwadzuka bwanji" kapena "mwaswera bwanji", ndipo mawu akuti "lero", "dzulo" ndi "mawa" amachotsedwa, m'malo mwake umatchula tsiku ndi deti. Moni wake umangokhala "moni omvera, takulandirani", umene ndi wozizira pang'ono koma sunama pa ola lililonse. Aliyense amene wagwira ntchitoyi anamvapo liwu lojambulidwa likufunsa anthu mmene adzukira pamene iwo akudya nsima yamadzulo, ndipo womvera akangozindikira zimenezo amadziwa kuti mu situdiyo mulibe munthu, nayenso amasiya kumvetsera ndi mtima wonse.

Lachisanu ndi tsiku la mafoni, ndipo mlendo wathu anali mfumu ya m'dera lina la kugombe imene inabwera ndi wapampando wa komiti ya usodzi. Mayina ndi maudindo a alendo timawafunsa tisanalowe, n'kuwalemba ndi zilembo zazikulu, chifukwa kutchula gulupu kuti nyakwawa ndi cholakwa chimene mudzi wonse umachimva. Mfumu imalonjeredwa poyamba ndi dzina la ufumu wake, imapatsidwa mpata woyankha moni, kenaka wapampando. Popeza zimenezi zimatenga nthawi, tinafupikitsa chiganizo cha mutu kuti zonse zikwane nyimbo isanathe.

Mafoni atatsegulidwa panabuka vuto lodziwika. Woimba woyamba anali pafupi ndi wailesi yake, ndipo mawu ake anabwerera kudzera pafoni n'kuyamba kulira mosokosa, choncho mtsikanayu anamupempha kuti atsitse wailesi kapena atalikirane nayo. Ndi bwino pempho limeneli kulinena potsegula mafoni, pamodzi ndi nambala, woyamba asanaimbe. Wachiwiri anali bambo wachikulire amene atangoyankha moni anayamba kupereka moni kwa mkazi wake, alamu ake, anzake a padoko ndi a kumpingo. Kumudula pakati pa dzina la munthu ndi mwano, koma kumusiya kumatanthauza kuti ena atatu amene akudikira ataya mayunitsi awo pachabe. Njira imene ndinamuphunzitsa ndi kudikira pamene woimbayo akupuma mpweya, n'kulowa ndi mawu omulandira monga "onsewo amva, bambo, zikomo kwambiri", ndipo nthawi yomweyo n'kumufunsa funso lolunjika pa mutu, loti sangaliyankhe ndi moni wina. Iye anadikira mpaka bamboyo atatchula anzake a padoko, n'kunena kuti, "Onsewo amva, bambo. Nanga padoko panupo, maukonde a udzudzu akugwiritsidwabe ntchito pophera nsomba?" Bamboyo anaseka pang'ono n'kuyankha kuti alipo, ndipo mfumu inatenga nkhaniyo pomwepo mpaka nthawi ya pulogalamu inatha. Kuyambira Lolemba likubwerali mtsikanayu azitsegula yekha, ine ndizimvera ndili m'chipinda chojambulira, ndipo tagwirizana kuti malonje a tsiku lililonse azindionetsa madzulo atawayeza kale ndi wotchi.