Utsi subadwa mapasa: zomwe ndaphunzira pa chithunzi cha mizinga ya ku Iran

Pa maphunziro a utolankhani omwe ndikuchita tafika pa mutu wofufuza zithunzi. Anatipatsa zizindikiro zitatu zoti tiziyang'ana tikamakayikira kuti chithunzi chaseweretsedwa: zinthu zobwerezedwa, zithunzithunzi zosagwirizana ndi dzuwa, ndi m'mphepete mwa zinthu mooneka monyenyeka. Nditaziyesa ndekha ndaona kuti zitatuzi sizilemera mofanana. Choyamba ndi umboni wamphamvu, chachiwiri chimafuna rula ndi pensulo, pomwe chachitatu chinganamizitse munthu wosalakwa.

Chithunzi chomwe chinandithandiza kwambiri ndi cha pa 9 Julaye 2008. Tsiku limenelo dziko la Iran linayesa mizinga yake m'chipululu, ndipo Sepah News, nthambi yofalitsa nkhani ya gulu lina la asilikali a dzikolo, inatulutsa chithunzi cha mizinga inayi ikuuluka nthawi imodzi. Bungwe la AFP linachitenga n'kuchigawira nyuzipepala. Chinatuluka patsamba loyamba la Los Angeles Times, Chicago Tribune ndi Financial Times, nyuzipepala zomwe zili ndi akonzi odziwa ntchito yawo. Onsewo anaona mizinga inayi basi.

Mukachikulitsa chithunzicho, yang'anani mzinga wachitatu kuchokera kumanzere. Utsi womwe ukuutsatira ukufanana ndi wa mzinga wachiwiri, kupindika kwake ngakhalenso malo omwe wathothoka. Ndiye tsikani pansi pomwe fumbi labuka. Mtambo wa fumbi uli pansi pa mzinga wachitatuwo ndi womwewo uli pansi pa mzinga wa kumanja kwenikweni, zotupa zake zomwezo, mdima wake malo omwewo. Wina anatenga mutu kwa mnzake wa kumanzere, miyendo kwa wa kumanja, n'kupanga mzinga womwe sunauluke. Mawa lake bungwe la Associated Press linagawa chithunzi china cha malo omwewo: mizinga yowuluka itatu, ndipo pamalo a wabodza uja pali mzinga uli chikhalire pa galimoto yake. AFP inachotsa chithunzi chija.

Chimene chimapangitsa chizindikiro chimenechi kukhala champhamvu ndi momwe chida chake chimagwirira ntchito. Mu Photoshop muli chida chotchedwa Clone Stamp, chomwe chimakopera kachigawo ka chithunzi n'kukamata pena. Munthu akafuna kuphimba chinthu kapena kuchulukitsa, chapafupi n'kutenga zomwe zili m'chithunzi chomwecho, poti mtundu ndi kuwala zimagwirizana kale. Koma utsi, fumbi, mitambo, udzu ndi khamu la anthu sizibwereza maonekedwe. Mitambo iwiri ya fumbi ikafanana mpaka timizere, palibe mphepo yomwe ingachite zimenezo. Ndi momwenso anagwidwira wojambula Adnan Hajj mu 2006, pomwe anachulukitsa utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut, utsiwo n'kumaoneka ngati wodinda ndi chidindo. Reuters inasiya kugwira naye ntchito ndipo inachotsa zithunzi zake zonse.

Pofufuza sindiyang'ananso chinthu chachikulu chomwe chithunzi chikufuna kuti ndione. Ndimasankha kanthu kamodzi kachilendo, monga kampata mu utsi kapena munthu wokweza dzanja m'khamu, n'kuyendetsa maso kufuna mnzake. Ndikampeza, ndimaona ngati zoyandikana nazo zabwerezedwanso, chifukwa wokopera amanyamula chigawo chonse. Malire ake alipo: njerwa, malata, mipando ya mu holo ndi ana a sukulu ovala yunifolomu zimafanana mwachibadwa. Pamenepo fufuzani chilema. Njerwa ziwiri zofanana si nkhani, koma njerwa ziwiri zong'aluka mofanana ndiye nkhani.

Za zithunzithunzi ndiye maso paokha amanama kwambiri. Anthu ambiri amati poti dzuwa ndi limodzi, zithunzithunzi zonse ziyenera kuloza mbali imodzi. Pabwalo zimaterodi, koma pa chithunzi ayi, monga momwe njanji ziwiri zimaonekera ngati zikukakumana kutali. Njira yomwe Hany Farid, katswiri wa kafukufuku wa zithunzi, amaphunzitsa ndi yosavuta. Sindikizani chithunzicho. Sankhani nsonga ya chinthu, tinene pamwamba pa mtengo wa magetsi, mupeze nsonga yomweyo pa chithunzithunzi chake, mulembe mzere wodutsa pa ziwirizo n'kuupitiriza mbali zonse. Chitaninso chimodzimodzi ndi mutu wa munthu, ngodya ya denga, ndi zina zomwe nsonga zake zikuoneka bwino. Ngati zonse zinawalidwa ndi dzuwa limodzi, mizereyo ikumana pamalo amodzi, mwina kunja kwa pepala. Dzuwa likakhala kutsogolo kwa kamera imakumana m'mwamba, likakhala kumbuyo kwa wojambula imakumana m'munsi. Mizere iwiri siikwanira, poti iwiri iliyonse yosayenda mofanana imakumana ndithu. Pamafunika itatu kapena kuposa, ndipo wosemphana ndi anzakewo ndiye wofunika kumufunsa.

Njirayi imagwa usiku kapena m'nyumba momwe muli mababu angapo, komanso kukachita mitambo. Imavutanso pamene simukutsimikiza kuti kadontho aka pa chithunzithunzi ndi ka chigongono kapena phewa. Kwathu kuno kuli msampha wina. Ku Lilongwe dzuwa la masana limafika pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Munthu wojambulidwa nthawi imeneyo chithunzithunzi chake chimabisala pansi pa mapazi, ndipo amaoneka ngati wamatidwa pamsewu pomwe anaimadi pamenepo.

M'mphepete monyenyeka ndi momwe ndimakhulupirira pang'ono kwambiri. N'zoona kuti munthu wodulidwa pa chithunzi china amasiya kamzere kowala kuzungulira thupi, kapena tsitsi lake limaoneka ngati lometedwa ndi lumo. Koma zithunzi zambiri zimatipeza zitadutsa pa WhatsApp ndi Facebook, komwe zimapanikizidwa kuti zichepe. Mtundu wa JPEG umagawa chithunzi m'timabokosi ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kutaya zina mwa zomwe zili m'kabokosi kalikonse. Chithunzi chikajambulidwa pa sikirini n'kutumizidwanso kangapo, m'mphepete mwa chilichonse mumadzadza zinyalala. Foni nayo ikakhala pa Portrait imafufutiza kumbuyo, nthawi zina n'kudya khutu kapena tsitsi. Funso lothandiza n'lakuti kodi kunyenyekako kuli paliponse kapena pa chinthu chimodzi. Kukakhala paliponse, ndi ulendo womwe chithunzi chayenda. Munthu mmodzi akakhala wakuthwa pakati pa anzake osaoneka bwino omwe aima naye mzere umodzi, pamenepo mpoyenera kukayikira.

Zizindikiro zonsezi sizinena kanthu pa chithunzi chenicheni chomwe changopatsidwa mawu abodza, monga cha madzi osefukira a dziko lina chomwe wina walemba kuti ndi ku Nsanje dzulo. Palibe chokopedwa, mizere ya dzuwa ikumana bwinobwino. Apa ndimachiika pa Google Lens kapena TinEye, zida za pa intaneti zofufuzira komwe chithunzi chinatulukapo kale. Pa TinEye mungasanje zotsatira kuyambira zakale kwambiri, ndipo chikapezeka kuti chinalipo kale zaka zapitazo, nkhani yatha. Chikapanda kupezeka sizitanthauza kuti n'choona, mwina sichinafike pomwe zidazi zimafufuza. Ndiye ndimabwerera m'chithunzimo kuwerenga zikwangwani, nambala za galimoto, ndi mbali ya msewu yomwe magalimoto akuyenda: ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amayenda kumanzere, pomwe ku Congo, Angola ndi Nigeria amayenda kumanja.