Mmene ndinafupikitsira pangano la ndime 30 pa tsamba limodzi

Bwana wina wa ku unduna woona za antchito, munthu amene sukulu yake inali ya zowerengera ndalama, anandibwezera chikalata changa cha masamba asanu ndi anayi atangowerenga mizere iwiri. "Bambo, ine sindine loya. Ndiuzeni zimene tiyenera kuchita, tizichita liti, ndi zimene tinakana." Sanalakwe. Ndinali nditangokopera pangano lonse m'mawu ena.

Pangano lake linali CEDAW, lothetsa tsankho lochitira amayi, limene bungwe la United Nations linavomereza mu 1979 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1981. Nditabwerera pa desiki, ndinayamba ndi funso limene ndinalumpha poyamba: kodi dziko linangosaina, kapena linatsimikiza kuti lamangidwa nalo? Bwanayo ankaganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Kusaina kokha kumangoletsa dziko kuchita zowononga cholinga cha panganolo, monga inenera ndime 18 ya Pangano la Vienna la 1969, limene ndi lamulo la mapangano a pakati pa mayiko. Udindo wonse umayamba dziko likapereka chikalata chotsimikiza kwa wosunga panganolo, amene ndi mlembi wamkulu wa United Nations, ndipo pa CEDAW zimenezi zimachitika patatha masiku 30.

Kenako ndinasefa. Mwa ndime zonse 30, yokhudza ofesi yawo mwachindunji inali ndime 11, ya ntchito. Ndinatenga cholembera chofiira n'kumazunguliza mneni aliyense, chifukwa mphamvu ya udindo imabisala pa mneni. Ndimeyi ikufuna kuti dziko liletse kuchotsa mayi ntchito chifukwa ndi woyembekezera, ndipo pakhale chilango kwa wochita zimenezo. Ikufunanso tchuthi chokachira cholipidwa, kapena thandizo lofanana nacho, mayi osataya ntchito yake. Koma pa malo osamalirako ana imangoti dziko lilimbikitse. Choncho ndinalemba "tiyenera" pa ziwiri zoyambazo, ndi "tiyesetse" pa chachitatu. Loya wina angadandaule kuti ndapeputsa, koma munthu wogawa bajeti amafuna kusiyana komweku. Ndinawonjeza masiku a ndime 18 ya CEDAW: lipoti loyamba lipite m'chaka choyamba, kenako pasapitirire zaka zinayi zilizonse.

Pamene ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna ndi pa mawu odzipatula. Awa ndi mawu amene dziko limalemba polowa m'pangano, kunena kuti ndime yakutiyakuti siligwira kapena iligwira mosinthika. Nthawi yake ndi yomweyo yolowera, osati kudzuka patatha zaka n'kunena kuti ndime iyi yatitopetsa. M'fayilo yathu yakale munali pepala lofiirira lonena kuti dziko linadzipatula pa mfundo ina, ndipo ndinalikopera ndi mtima wonse. Mwamwayi ndisanatumize ndinatsegula treaties.un.org, mutu IV nambala 8, kuti nditsimikize tsiku. Pansi pa dzina la dzikolo mawu aja panalibe. Panali kanambala kakang'ono kolozera ku mawu a m'munsi, ndipo kumeneko ndi kumene ndinapeza kuti anachotsedwa kalekale. Dziko likhoza kuchotsa mawu ake nthawi iliyonse pongolembera wosunga pangano, osapempha chilolezo kwa wina, n'chifukwa chake fayilo ya mu ofesi imakalamba mwakachetechete. Ndikanauza bwana kuti ndife omasuka pa chinthu chimene chinatimanga kale.

Mawu odzipatula otsala anali okhudza ndime 29, gawo loyamba, limene limati mayiko awiri akasemphana pa tanthauzo la panganoli apite kwa oweruza osankhidwa, ndipo akalephera kugwirizana za oweruzawo m'miyezi isanu ndi umodzi, mmodzi akhoza kukasuma ku khoti la dziko lonse la ku The Hague. Gawo lachiwiri la ndime yomweyo limalola dziko kukana njira imeneyi, ndiye palibe mkangano. Koma ndinawalembera bwana mbali yachiwiri ya nkhaniyi, imene ambiri saiganizira: ngati dziko lina silingatikokere kukhotiko pogwiritsa ntchito ndimeyi, ifenso sitingalikokereko.

Atawerenga anafunsa, akugogoda pepala ndi chala, ngati dziko lingadzipatule pa chilichonse chimene lafuna. Ndinati ayi. Ndime 28 imakana mawu odzipatula otsutsana ndi cholinga chenicheni cha panganolo, ndipo malinga ndi Pangano la Vienna mayiko ena ali ndi miyezi 12 yoti atsutse, apo ayi amatengedwa ngati avomera. Vuto n'lakuti kutsutsa kwawo nthawi zambiri sikufafaniza mawuwo, kumangoima pambali pake, ndiye ndinaika dzina la dziko lotsutsa ndi chaka basi, osaweruza amene akulondola.

Funso lawo lomaliza linali lakuti, nanga lamulo lathu la ntchito likamanena zina? Ndinawonjeza mzere umodzi m'munsi, kuchokera pa ndime 27 ya Pangano la Vienna: dziko silingazembe udindo wa m'pangano ponamizira malamulo a kwawo. Anaulemba mzere kunsi kawiri, n'kundituma kuti ndikaike lamulolo pambali pa ndime 11 ndione pamene zasemphana.