Thanki ya nambala 20 yayaka, koma yoyamba inatsala pang'ono kutitsekera bizinesi

Loweruka lapitali tayatsa thanki yathu ya nambala 20 ya bayogasi, gasi wophikira wochokera ku ndowe, uko ku Mitundu, mayi a pakhomopo anatereka madzi a nsima ife tili pompo, lawi la buluu lili phee pansi pa poto, opanda utsi ngakhale pang'ono. Ine ndinangokhala pa njerwa n'kumakumbukira komwe tachoka, nde ndati lero ndikuuzeniko, makamaka inu amene mumafunsa kuti ndowe zenizenizi zingaphike nyemba?

Tinayamba awiri, ine ndi mlamu wanga amene ndi mmisiri wa zomangamanga. Ndalama yoyambira tinakapempha kwa ena ake obwereketsa, anatiyendetsa miyezi itatu n'kudzatiuza kuti bizinesi ya ndowe siyodalirika. Bambo amenewo lero akatiwona amapereka moni ndi manja awiri, ife timangoyankha. Anatithandiza ndi amayi a banki m'khonde ya akazi anga.

Kasitomala wathu woyamba anali mayi ena a ng'ombe zitatu za mkaka cha ku Likuni. Masamu ake tinawerenga bwinobwino. Ng'ombe imodzi yogona m'khola imapereka ndowe zokwana makilo 10 patsiku kapena kuposerapo, zitatu nde makilo 30, ndowa imodzi ndi theka ya malita 20 ija. Kilo imodzi ya ndowe zaziwisi imatulutsa gasi pafupifupi malita 40, kutanthauza malita 1,200 patsiku, pomwe sitovu ya mbali imodzi imadya cha m'ma malita 400 pa ola mukatsegula kwambiri. Maola atatu ophika amenewo, phala m'mawa, nsima masana ndi madzulo, zokwanira ndithu. Tinamanga, tinathira ndowe zosakaniza ndi madzi mulingo wofanana, ndowa ya ndowe ndowa ya madzi, n'kudikira. Gasi woyamba tinamutaya panja monga zimayenerera, chifukwa amakhala wosakanikirana ndi mpweya umene unatsalira m'thanki komanso sayaka bwino.

Tsiku loyatsa mayi aja anaitana anzawo a kutchalitchi, ngakhale a mfumu anabwera. Ndakhwatcha machesi, ndatsegula, kalawi kanangoti bwii n'kuzima. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu lawi linayaka m'mwamba, osakhudza chitsulo, likuvina ngati likufuna kuthawa, kenako zii. Abale manyazi amene ndinamva tsiku limenelo, mayi wina anachita kunena mokweza kuti amayi akudyerani ndalama anyamatawa, bola mukanagula matumba a makala. Nkhani inafala, anthu awiri amene anali atalonjeza kale anabwerera m'mbuyo, ndipo tinakhala miyezi inayi opanda ntchito ina iliyonse ngongole ikudikira.

Vuto silinali thanki ayi. Inali sitovu. Amene anatigulitsa m'tauni muja anatitsimikizira kuti gasi ndi gasi basi, sitovu ya silinda imagwira paliponse, ndipo titabwerera anati katundu akatuluka sabwezedwa. Sinditchula dzina, akudziwa okha.

Chimene ndinaphunzira movutika n'choti gasi wa ndowe ndi wofatsa. Mbali yake imene imayaka, metheni, imakhala pafupifupi magawo 60 pa 100, yotsalayo yambiri ndi kaboni dayokisaidi amene sayaka n'komwe, amangodzaza malo. Nde kuti poto atenthe pamafunika gasi wambiri kudutsa, komanso amabwera ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi wa m'silinda amene anachita kupanikizidwa. Kabowo kotulukira gasi mu sitovu ya silinda, kamene timati jeti, sikafika ngakhale milimita imodzi, pomwe wa ndowe amafuna jeti ya mamilimita awiri kapena kuposa. Chinanso, sitovu ya silinda inapangidwa kuti izikoka mpweya wambiri chifukwa gasi wake amafuna mpweya wochuluka zedi, pomwe lita imodzi ya bayogasi imangofuna malita a mpweya osapitirira 6. Ndipo lawi lake limayenda pang'onopang'ono, gasi akamatuluka m'timabowo ta pamwamba mothamanga kuposa mmene lawi lingamutsatire, lawi limanyamuka n'kuzima. N'zimene zinandichitikira pamaso pa a mfumu zija.

Tinapita nayo sitovu ija kwa mmisiri wina wowotcherera ku Mchesi, tinakuza jeti ndi dililo pang'onopang'ono tikuyesa, tinakuzanso timabowo ta pamwamba, n'kuika kachitsulo kochepetsera mpweya. Titabwerera ku Likuni kunalibe gulu, tinali atatu basi, lawi linakhazikika pa chitsulo la buluu, mayi aja anangoti mwana wanga bwanji sunabwere chonchi tsiku lija. Mpaka lero akuphikirabe, ndipo theka la makasitomala athu anachokera pakamwa pawo.

Pano sitichoka pakhomo tisanaphunzitse wophika weniweni, osati bambo okha amene alipira. Lawi limakuuzani lokha zimene zikuchitika. Likakhala lachikasu n'kumadetsa poto, mpweya ukuchepa kapena timabowo tatsekeka ndi phala lotayikira. Likamanyamuka, mwatsegula kwambiri kapena mpweya wachuluka. Likamadukizadukiza paipi ikulira ngati munthu akuchukucha m'kamwa, amenewo ndi madzi, chifukwa gasiyu amatuluka m'thanki ndi chinyontho chimene chimasanduka madontho m'paipi, n'chifukwa chake timaika kotayira madzi pamalo otsikitsitsa, muzikatsegula sabata iliyonse.

Poyatsa yambani mwakhwatcha machesi kenako tsegulani gasi, osati kutsegula kaye n'kumakafunafuna machesi kuchipinda. Mukamva fungo ngati la dzira lowola m'khitchini sitovu ili yozima, penapake pakutuluka gasi. Tsekani valavu ya panja, tsegulani chitseko ndi mawindo, osayatsa moto kapena kukhudza switchi ya magetsi, ndipo pofufuza potulukapo pakani thovu la sopo m'malo olumikizira, pamene pakufufuma ndi pomwepo. Osafufuza ndi machesi chonde, gasiyu akasakanikirana ndi mpweya m'chipinda chotseka amaphulika. Fungolo limachokera ku hayidirojeni salufaidi, amene ndi poizoni komanso amadya zitsulo, ife timaika kabotolo ka sitiliwaya wotsukira mapoto uja m'njira ya paipi, akada mumasintha. Ndipo munthu asalowe m'thanki ngakhale ikuwoneka yopanda kanthu, mulibe mpweya wopuma mmenemo, itanani ife.

Ndinenenso chilungamo, Juni ndi Julaye kuno ku Lilongwe kukazizira gasi amachepa ndithu, tizilombo timene timawoletsa ndowe timachita ulesi, nde musataye mbaula yanu. Madzi a sopo kapena a dipi asalowe m'thanki, amatipha tizilomboto.

Zikomo kwambiri mayi athu a ku Likuni potipirira, zikomo amayi a banki m'khonde amene munatikhulupirira pomwe a mataye anatikana, mlamu wanga amene sanandithawe miyezi inayi ija, akazi anga amene ankachapa maovolosi onunkha osadandaula (kudandaula pang'ono kunalipo kkkk), achimwene a ku Mchesi ndi dililo yanu, anyamata athu okumba, alimi a mkaka a ku Mitundu ndi ku Nathenje amene mumatitchula kwa anzanu, komanso Mulungu amene watisunga pa njinga yamoto m'misewu ya fumbi imeneyi.

Ngati muli ndi ng'ombe ziwiri kapena kuposa zogona m'khola, kapena nkhumba zingapo, komanso madzi pafupi, tipezeni tidzawone malo kaye tisanakambe za mtengo. Sitovu timabweretsa yathu yokonzedwa kale, kulipira timalola pang'onopang'ono, ndipo zotuluka m'thankizo ndi manyowa abwino a kudimba. Amene muli ndi thanki yomangidwa ndi ena koma lawi likuthawa, musaigwetse, tiitaneni tidzayambe tawona jeti.