Loweruka: kalata yoperekeza ndakatulo zinayi

Ntchito ya lero pa gulu lathu la alembi inali imodzi, kukonza kalata imene mlakatuli wina wachitsikana akutumiza limodzi ndi ndakatulo zake kwa mkonzi wa magazini ya zolembalemba ya kunja, yomwe imalandira ndakatulo za m'zinenero za mu Afirika bola zikhale ndi kumasulira kwake m'Chingerezi. Ndakatulozo tinazimaliza kale. Chotsala chinali kalatayi, ndipo yadya m'mawa wonse.

Tinayamba ndi kuwerenga malamulo a magaziniyo, kalata ili pambali. Magazini iliyonse ili ndi tsamba lonena chiwerengero cha ndakatulo, mtundu wa failo, nthawi yolandirira ndi zoyenera kulemba m'kalata. Zambiri zimafuna ndakatulo 3 mpaka 5 mu failo imodzi, iliyonse kuyambira pa tsamba lake, zilembo za Times New Roman kukula kwake 12, failoyo ikhale .docx kapena PDF. Iyi inati zisapitirire zinayi, masamba asapitirire 10, dzina la mlembi lisaoneke mu failo. Mtsikanayu anali atakonza zisanu ndi chimodzi poganiza kuti mkonzi asankhapo. Kuganiza kotereku ndi kumene kumagwetsa ambiri, chifukwa wopyola chiwerengero nthawi zina amabwezedwa ndakatulo zake zisanawerengedwe n'komwe. Anachotsapo ziwiri, mtima ukuwawa.

Kalata yake yoyamba inali ya mawu pafupifupi 400. Inayamba monga tinaphunzirira kusukulu: malonje, kufunsa za moyo wa mkonzi, kenako cholinga cha kalata. Ndime yachiwiri inafotokoza mmene anayambira kulemba ali ku pulayimale. Yachitatu inamasulira ndakatulo iliyonse, kuti mtsinje ukuimira amayi ake, mvula ikuimira chiyembekezo. Yomaliza inali pempho loti akonzi amuganizire poti sanasindikizidwepo. Mawu onsewo ndi aulemu, koma palibe ndi limodzi lomwe limene likuyankha mafunso amene mkonzi ali nawo akamatsegula zomwe walandira.

Mafunsowo ndi ochepa. Mwatumiza ndakatulo zingati, mitu yake ndi iti? Zinatulukapo kwina? Mwazitumizanso kwina pa nthawi yomweyi? Ngati zili zomasulira, anamasulira ndani, ndipo mwiniwake analola? Inu ndinu yani, m'mizere iwiri kapena itatu? Kalatayi ili ngati kapepala komata pa thumba lopita pa basi: kamanena za m'kati, mwini wake ndi kumene likupita, sikatamanda kukoma kwa ufawo. Zimene ndakatulo ingathe kudzinenera yokha sizilowa m'kalata. Zolowamo ndi zimene mkonzi sangazidziwe pongowerenga ndakatuloyo.

Ndime yofotokoza tanthauzo la ndakatulo ija ndiyo tinakanganapo kwambiri. Mtsikanayu anati, "Achimwene, nanga akapanda kumva kuti mtsinjewo ndi amayi anga?" Yankho lake ndi loti owerenga magaziniyo sadzaiona kalatayo. Ndakatulo yosamveka popanda kalata ndi yosamalizidwa, ndipo mkonzi akawerengeratu tanthauzo limene mwalemba m'kalata amayamba kuiyeza ndakatuloyo ndi zimene mwalonjeza. Chimene chimaloledwa ndi mzere umodzi wa mfundo imene mlendo sangaidziwe. Ndakatulo yake ina ndi yotsata kayimbidwe ka nyimbo za pamtondo, wina kutsogolera ena kuvomera. Mkonzi wa ku Nairobi kapena ku Windhoek akhoza kuona mizere yobwerezabwerezayo ngati ulesi. Apo mzere umodzi wonena kuti kubwerezako n'kwadala ndi wothandiza, ndipo tinausiya.

Cha m'ma 11 koloko tinafika pa funso limene limavuta alakatuli athu kuposa onse, loti ndakatulo inatulukapo kale kapena ayi. Magazini zambiri zimafuna ufulu wokhala oyamba kusindikiza ndakatuloyo, ndipo ikatuluka ufulu umabwerera kwa mlembi. Tsono kwa akonzi ambiri ndakatulo imene munaika pa Facebook kapena pa tsamba lanu la pa intaneti poti aliyense awerenge, yatuluka kale. Ya m'nyuzipepala ya kumapeto kwa sabata, monga Weekend Nation kapena Malawi News, ndiye palibenso chokambirana. Titafunsitsa, zinapezeka kuti imodzi mwa zinayizo inaikidwa pa Facebook chaka chatha. Kuifufuta lero sikusintha kuti inatulukapo, ndipo mkonzi akakopera mzere umodzi n'kuusaka, n'kuupeza atavomera kale, dzina lanu limadetsedwa pa magaziniyo. Tinaichotsa n'kubwezeretsa imodzi mwa ziwiri zija. Ina anailakatulapo pa wailesi. Apa akonzi amasiyana, ena saiwerengera, ena amaiwerengera makamaka ngati mawuwo anajambulidwa ndipo akupezekabe pa intaneti. Njira yabwino ndi kunena m'kalata, mkonzi agamule yekha.

Za kutumiza kwina pa nthawi imodzi n'zosavuta. Yankho la magazini limatha kutenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, choncho zambiri zimalola kuti ndakatulo zomwezo zikhale zikudikira ku magazini zingapo, malinga munene m'kalata ndipo mudziwitse msanga ina ikalandiridwa. Zoletsa zimanena pa tsamba la malamulo.

Moni wa kalata unatitengera kanthawi. Dzina la mkonzi timalitenga pa tsamba la magazini lonena ogwira ntchito, ndipo timafuna mkonzi wa ndakatulo, osati mkulu wa magazini yonse kapena wa nkhani zopeka. Akonzi amasintha, ndiye dzina la m'magazini ya zaka ziwiri zapitazo si lodalirika. Osalota kuti ndi bambo kapena mayi potengera dzina. Lembani dzina lonse, ndipo ngati akonzi ali angapo kapena satchulidwa, “Okondedwa Akonzi a Ndakatulo” ndi zokwanira. Choipitsitsa ndi kalata yokopera ku ina n'kuiwala kusintha dzina la magazini.

Titadula zonse, kalata inatsala chonchi. Inapita m'Chingerezi poti ndicho chinenero cha magaziniyo, koma nkhani yake ndi iyi:

Okondedwa Akonzi a Ndakatulo,

Ndatumiza ndakatulo zinayi kuti muzione: “Chizimalupsa Chachedwa”, “Mtondo wa Anaphiri”, “Mlatho Wathabwa” ndi “Nsapato za Maliro”. Zonse ndinazilemba m'Chichewa ndipo ndazimasulira ndekha m'Chingerezi. Chichewa ndi Chingerezi zili motsatizana mu failo. “Mtondo wa Anaphiri” ikutsata kayimbidwe ka nyimbo za pamtondo, n'chifukwa chake mizere ina ikubwerezedwa.

Palibe imene inasindikizidwapo. “Mlatho Wathabwa” ndinailakatulapo kamodzi pa wailesi. Ndakatulozi ndazitumizanso ku magazini zina, ndipo ina ikalandiridwa ndikudziwitsani nthawi yomweyo.

Zikomo powerenga.

Pansi pake dzina, imelo, ndi mbiri yachidule. Mbiriyi imalembedwa ngati akunena ndi munthu wina, “Uje amakhala ku Zomba, ndi namwino, amalemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi”, chifukwa ndakatulo ikalandiridwa mkonzi amangoikopera mmene iliri n'kuika m'magazini. Mawu 50 ndi muyezo wofala. Amene anasindikizidwapo atchule magazini zitatu kapena zinayi zotchuka kwambiri, osati mndandanda wonse. Amene sanasindikizidwepo asapepese. Akhoza kungosiya osatchula, kapena kunena mwachidule kuti iyi ingakhale nthawi yake yoyamba, zomwe akonzi ena zimawasangalatsa. Chikhala kuti womasulira anali munthu wina, kalata ikanayenera kutchula dzina lake ndi kunena kuti onse awiri agwirizana. Womasulira ndakatulo ya mlakatuli wina ndiye ayenera kukhala ndi chilolezo cha mwini ufulu asanatumize.

Masana, magetsi atabwera, tinalowa pa Submittable, njira imene magazini zambiri zimalandirira zolemba. Kalata siikhala mu failo ya ndakatulo, imalembedwa m'bokosi lake lotchedwa Cover Letter. Apa ndi pamene lamulo lobisa dzina limagwira ntchito: magazini ikhoza kubisa bokosilo kwa anthu ake oyamba kuwerenga zotumizidwa, iwo n'kumangoona ndakatulo. Tsono dzina limabisala m'malo atatu amene anthu amaiwala. Limakhala pamwamba kapena pansi pa masamba, pa dzina la failo, ndi m'kati mwa failo momwe Word imasunga dzina la mwini kompyuta. Lomalizali limachotsedwa polowa File, Info, Check for Issues, Inspect Document. Failo yake inali ndi dzina lake lonse, ndiye tinaisintha kukhala ndakatulo-zinayi.pdf. M'bokosi la mutu tinalemba mitu yonse inayi, kuti tsiku lodzachotsa imodzi mkonzi asavutike kuipeza.

Tinasankha PDF pa chifukwa. Mu “Mtondo wa Anaphiri” mizere ya ovomera inalowetsedwa m'kati, ndipo mipata yotere imasokonekera failo ikatsegulidwa pa makina ena kapena ndakatulo ikamatidwa mu imelo kuchokera pa foni. Chilembo cha ŵ, kwa amene amachilemba, chimathanso kusanduka kabokosi m'mitundu ina ya zilembo. Magazini ikalamula .docx, tsatirani, koma tsegulani failoyo pa chipangizo china musanatumize. Magazini zina zimalipiritsa kandalama, kawirikawiri pafupifupi madola atatu, polipira ndi khadi la kubanki. Ndi bwino kudziwiratu musanataye nthawi pa kalata, ndipo zaulere zilipo zambiri.

Atadina potumizira, patsambapo panalembedwa Received. Pakadzasintha kukhala In-Progress sizitanthauza kuti ndakatulo zakondedwa, zimangosonyeza kuti wina kumeneko wagwirapo. M'kope lake analemba tsiku, dzina la magazini, mitu inayi, ndi nthawi imene magaziniyo imati imayankha. Kopeli ndilo limachititsa kuti lonjezo la m'kalata lija litheke. Ndakatulo imodzi ikalandiridwa kwina, amayang'ana m'kope magazini zonse zimene zili nayo, n'kulembera iliyonse tsiku lomwelo. Pa Submittable asadine Withdraw, chifukwa kutero kumachotsa zonse zinayi. Alembe uthenga pa zomwe anatumizazo, kapena atsate njira imene magaziniyo inanena, kuti “Nsapato za Maliro” yalandiridwa kwina, zitatu zinazo zidakalipo. Kufunsa za yankho kudikire mpaka nthawi imene analonjeza itadutsa, ndipo likhale funso la mizere iwiri lotchula tsiku lotumizira ndi mitu.

Ndakatulo ya pa Facebook ija sinatayidwe. Pali magazini zimene zimalandira zotuluka kale, ndipo m'kalata yake adzanena kumene inatulukira koyamba ndi chaka chake. Loweruka likudzali tikonza imeneyo.